Pulogalamu Ikafika Pamphambano

Aliyense amene amasunga ndalama m'foni anakanizidwapo. Mwaima pa ejenti, mwalemba kuchuluka kwa ndalama zimene mukufuna kutapa, mwaika nambala yanu yachinsinsi, ndipo pasanathe kamphindi foni yayankha kuti ndalama zanu sizikukwana. Mnzanu amene ali pambuyo panu adina mabatani omwewo, iye nkulandira zake. Kuofesi kulibe munthu amene anakhala pansi nkuunika nkhani ya anthu awirinu. Yagamula ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo yagamula pofunsa funso limodzi limene wina anailembera kalekale.

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene kompyuta imatsatira mzere ndi mzere, kuyambira pamwamba kutsikira pansi. Zikanathera pomwepo, bwenzi ikuchita chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse, kwa munthu aliyense, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Kuti ithe kupereka kwa uyu nkukaniza uyo, olemba mapulogalamu amaika pena pake mphambano: njira ziwiri, ndi funso loti liuze kompyuta njira yoti ilowere. Pafupifupi m'zilankhulo zonse zolembera mapulogalamu, mphambano imeneyi imalembedwa ndi mawu awiri, `if` ndi `else`. Oyambawo akuti "ngati", achiwiriwo akuti "apo ayi".

Tiyeni tione zimenezi mu Python, chilankhulo chimene Guido van Rossum anatulutsa koyamba mu 1991, chomwe ambiri amayambira chifukwa sichivuta kuwerenga. Tiyerekeze kuti munthu ali ndi K20,000 m'foni, akufuna kutapa K15,000, ndipo pa kutapako amadula K500. Manambalawa ndi ongoyerekezera.

```python
ndalama = 20000
akufuna = 15000
chodula = 500

if akufuna + chodula <= ndalama:
    ndalama = ndalama - akufuna - chodula
    print("Zatheka. Zotsala:", ndalama)
else:
    print("Ndalama zanu sizikukwana")
```

Mizere itatu yoyambayo ikungopatsa manambala mayina kuti tizitha kuwatchula. Ntchito yeniyeni ili pamzere wa `if`. Kompyuta ikafika apa, imaphatikiza 15000 ndi 500 nkupeza 15500, kenako imafunsa ngati nambala imeneyi ili yochepera kapena yofanana ndi 20000, pakuti ndilo tanthauzo la chizindikiro cha `<=`. Funso la mtundu uwu lili ndi mayankho awiri okha, `True` kapena `False`, zoona kapena zabodza. Kulibe "mwina", kulibe "tionana mawa". Pano yankho ndi `True`, choncho kompyuta ikuchita mizere iwiri imene ili pansi pa `if`: ikuchotsa ndalamazo nkulemba pasikirini kuti zatsala 4500. Mzere wa pansi pa `else` ikuudumpha ngati kulibe.

Sinthani nambala imodzi yokha, munthuyo afune K19,800. Kuphatikiza ndi chodula chija zikukwana 20300, zomwe zaposa zimene ali nazo. Yankho ndi `False`. Tsopano mizere ya pansi pa `if` ndi imene ikudumphidwa, ndalama sizikukhudzidwa, ndipo patuluka uthenga wokaniza uja. Pa ulendo uliwonse kompyuta imadzera mbali imodzi, sidzera zonse ziwiri ndipo silephera kudzera imodzi. N'chifukwa chake `else` alibe funso lakelake. Iye amangolandira chilichonse chimene funso la `if` lakana.

Taonaninso mmene mizereyo yakhalira. Imene ili pansi pa `if` yalowa mkati ndi mipata inayi. Mu Python kulowa mkati kumeneku si kokongoletsa ayi, ndi kumene kumauza kompyuta kuti mizere iyi ndi ya mbali iyi. Mzere wochotsa ndalama uja mutaulemba kumapeto kwenikweni osaulowetsa mkati, ungakhale kunja kwa mphambano, ndipo ungamachitike nthawi zonse. Munthu angauzidwe kuti ndalama zake sizikukwana, koma nkumudulabe. Kompyuta singadandaule chilichonse, chifukwa malinga ndi malamulo a chilankhulocho palibe cholakwika.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Kompyuta sidziwa kuti ndalama n'chiyani, sidziwa chilungamo. Imangoyankha funso monga lalembedwera. Ndiye funsolo likapotoka pang'ono, chigamulo chimapotoka kwa munthu aliyense amene wafika pamalo opotokawo, ndipo chimatero mwakachetechete.

Malo amene mafunso amapotokera kawirikawiri ndi pamalire. Tiyerekeze kuti wolemba anaiwala kachizindikiro kamodzi, nkulemba `<` m'malo mwa `<=`. Kwa amene akufuna K15,000 palibe chisintha. Kwa amene akufuna K19,800 palibenso chisintha. Koma abwere munthu wofuna K19,500, amene wawerengera bwinobwino kuti pamodzi ndi chodula zikwana K20,000 ndendende. Funso tsopano likuti: kodi 20000 ndi yochepera 20000? Ayi. Munthu uja akanizidwa ndalama zake zomwe, ndipo ejenti naye sangamvetse chavuta. Cholakwikacho chingakhale miyezi chisanaonekere, chifukwa chimagwira okhawo amene aima pamzere penipeni.

Palinso mlendo amene wolemba sanamuganizire. Bwanji wina atalemba nambala yochepera ziro, monga -5000? Munthu wamba angaseke, koma kompyuta siseka. Iphatikiza -5000 ndi 500 nkupeza -4500, iona kuti nambalayi ndi yochepera 20000, nkuvomera. Pochotsa paja, kuchotsa nambala yochepera ziro n'kuwonjezera, ndiye munthuyo atsala ndi 24500. Wadzipangira ndalama. Pofuna kutseka mpata woterewu pamafunika funso lina patsogolo, lofunsa ngati `akufuna <= 0`, kuti wolemba nambala yopanda pake abwezedwe asanafike pa funso la ndalama. Pamenepo njira zakhala zitatu, ndipo Python ili ndi mawu ena a ntchito imeneyi, `elif`, omwe akuti: ngati loyamba lija lakanika, funsa ili.

Febuluwale wa masiku 29

Chitsanzo chimene ndimachikonda pofotokoza za `elif` ndi cha kalendala, chifukwa lamulo lake lili ndi misampha imene yagwirapo ngakhale makampani akuluakulu.

Tonse tinaphunzira kusukulu kuti pakapita zaka zinayi zilizonse, Febuluwale amakhala ndi masiku 29. Chifukwa chake n'chakuti dziko silimaliza kuzungulira dzuwa m'masiku 365 enieni. Pamatsala maola asanu ndi mphindi pafupifupi 49, ndipo zotsalazi zikaunjikana zaka zinayi zimatsala pang'ono kukwana tsiku lathunthu. Vuto lili pa "kutsala pang'ono" pamenepo. Tikamawonjezera tsiku lathunthu pa zaka zinayi zilizonse timakhala tikupyoza ndi mphindi pafupifupi 11 pachaka, zomwe zimakwana tsiku limodzi pakatha zaka pafupifupi 128. Kalendala yakale ya Aroma, imene Julius Caesar anakhazikitsa, inkayenda chomwecho, mpaka inasemphana ndi nyengo ndi masiku angapo. Mu 1582 Papa Gregory XIII anakonza zinthu. Anachotsa masiku khumi, kotero kuti tsiku lotsatira 4 Okutobala linali 15 Okutobala, ndipo anaika lamulo limene tikugwiritsabe ntchito lero. Chaka chogawika ndi 4 chikhale ndi tsiku lowonjezera, kupatula ngati chikugawikanso ndi 100, koma chikagawika ndi 400 chikhale nalo ndithu. N'chifukwa chake 1900 inalibe 29 Febuluwale, 2000 inali naye, ndipo 2100 sidzakhala naye.

Kuti tilembe lamuloli tikufunika zizindikiro ziwiri. Cha `%` chimapereka zotsala tikagawa nambala ndi inzake: `2023 % 4` ndi 3, chifukwa 4 amalowa mu 2023 ka 505 nkutsala 3. Zotsala zikakhala 0, ndiye kuti nambalayo yagawika bwinobwino. Chinacho ndi `==`, chimene chimafunsa ngati zinthu ziwiri zili zofanana. Chimasiyana ndi `=` mmodzi, amene safunsa kanthu koma amaika nambala m'dzina. Ophunzira ambiri amasokoneza ziwirizi. Python imakana kuyendetsa pulogalamuyo nkulemba `SyntaxError`, zomwe ndi chifundo, chifukwa chilankhulo cha C chimalola nkupitirira ndi yankho lolakwika.

```python
if chaka % 400 == 0:
    masiku = 29
elif chaka % 100 == 0:
    masiku = 28
elif chaka % 4 == 0:
    masiku = 29
else:
    masiku = 28
```

Kompyuta imafunsa mafunsowa motsatizana kuchokera pamwamba, ndipo ikangopeza loyamba loyankha `True`, imachita zapansi pake nkusiya ena onse osawayang'ana. Tiyese ndi 2024. Tikagawa ndi 400 zotsala ndi 24, ndiye funso loyamba lakana. Tikagawa ndi 100 zotsala ndi 24, lachiwiri lakananso. Tikagawa ndi 4 palibe chotsala, lachitatu lavomera, masiku ndi 29. Tiyese 1900. Ndi 400 zotsala ndi 300, lakana. Ndi 100 palibe chotsala, lavomera, masiku ndi 28, ndipo nkhani yathera pomwepo. Funso la 4 silifunsidwa n'komwe, ngakhale kuti 1900 imagawika ndi 4. Chaka cha 2000 chimagwidwa pa funso loyamba lomwe. Cha 2023 chimakanidwa katatu nkukagwera kwa `else`.

Mwina mwaona kuti mafunsowa ndawasanja mosemphana ndi mmene timanenera lamulo lija pakamwa. Pakamwa timayamba ndi 4, kenako 100, nkumalizira 400. M'pulogalamu tayamba ndi 400. N'dala. Chaka chilichonse chogawika ndi 400 chimagawikanso ndi 100, ndipo chilichonse chogawika ndi 100 chimagawikanso ndi 4. Funso la 4 likakhala pamwamba limameza zonse. 1900 ingafike, nkuvomerezedwa pomwepo, nkupatsidwa masiku 29. Mafunso awiri otsatirawo angakhale alipo, olembedwa molondola, koma palibe chaka ngakhale chimodzi chimene chingawayankhe `True`, chifukwa zaka zonse zoyenera iwo zatengedwa kale. Mafunso akamalowana chonchi, lopapatiza liyenera kutsogola, lotakasuka litsatire.

Msampha wina ndi wolemba `if` paliponse pamene payenera `elif`. Pamaso zimaoneka ngati n'chimodzimodzi, koma ayi. `if` aliyense amayambitsa mphambano yatsopano imene kompyuta iyenera kufikapo, kaya yam'mbuyo inayankha zotani. 1900 ingapatsidwe 28 pa funso la 100, kenako nkufunsidwanso la 4, nkuvomera, ndipo 29 angafufute 28 uja.

Choopsa pa zolakwika ziwirizi n'chakuti pulogalamu yotere imapereka yankho lolondola pa chaka chilichonse kuyambira 1901 mpaka 2099. Mungaiyese ndi chaka chimene munabadwa, chimene anabadwa agogo anu, chimene mudzapume pa ntchito, yonse nkukhoza. Wolemba angagone tulo tabwino moyo wake wonse.

Ndipo si nthano. Amene ali ndi Excel pakompyuta angadzionere okha. Lembani 60 m'kabokosi kamodzi, kenako muuze Excel kuti nambalayo aionetse ngati deti. Patuluka 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhaleko. Excel amawerenga masiku kuyambira pa 1 Januwale 1900, ndipo cholakwikachi anachitengera kwa Lotus 1-2-3, pulogalamu yowerengetsera imene inali yotchuka m'zaka za m'ma 1980. A Microsoft anachisunga dala kuti mafayilo a mapulogalamu awiriwa azigwirizana, ndipo anachisiya chomwecho mpaka lero chifukwa kuchikonza kungasunthe madeti ndi tsiku limodzi m'mafayilo osawerengeka amene anthu anasunga kale. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino kusachikonza, ngakhale zimachititsa manyazi. Koma onani mmene funso limodzi losafunsidwa lakhalira kwa zaka zoposa 30.

Nanga wolemba angadziwe bwanji kuti mafunso ake ali bwino? Kuwerenga kokha sikukwanira, chifukwa diso limaona zimene mwini wake ankafuna kulemba. Njira yodalirika ndiyo kusankha manambala oyesera mwadala, osati mwachisawawa, kuti mbali iliyonse iyendedwe ngakhale kamodzi. Pa kalendala paja mbali zilipo zinayi, ndiye zaka zinayi zikukwana bola zisankhidwe bwino: 2000, 1900, 2024 ndi 2023. Yankho loyembekezeka lilembedwe papepala pulogalamu isanayendetsedwe, kuopa kuvomera chilichonse chimene yatulutsa. Zaka makumi awiri zotengedwa m'moyo wathu uno sizingagwire chimene 1900 yokha ingagwire. Pamene pali malire a kuchuluka, monga pa ndalama paja, yesani nambala ya pamalire penipeni, ina yochepera ndi 1, ina yoposa ndi 1: 19499, 19500 ndi 19501. Kenako muyese zimene munthu wabwinobwino sangalembe, monga 0 ndi -5000.

Pamene `else` palibe

Si lamulo kuti `if` aliyense akhale ndi `else`. Nthawi zina funso likakana palibedi chochita, ndipo pulogalamu imangopitirira ndi mzere wotsatira. Foni ikaona kuti batire latsala pang'ono imachenjeza, likakhala lodzaza imangokhala chete, ndipo palibe vuto. Komabe wolemba akasiya `else` ayenera kudzifunsa kuti amene wakanidwa apa akupita kuti. Nkhani ya Zune ikusonyeza chifukwa chake.

Zune kanali kachipangizo ka Microsoft komverera nyimbo. Pa 31 Disembala 2008, eni ake a mtundu wa 30GB m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti tizipangizo tawo taima tsiku limodzi. Ukayatsa kankangoonetsa chizindikiro cha Zune nkuuma pomwepo, mabatani osayankha. Chifukwa chake chinali m'mizere yochepa yowerengera deti. Wotchi ya mkati inkasunga chiwerengero cha masiku kuyambira pa 1 Januwale 1980, ndipo pofuna kudziwa chaka, pulogalamu inkachotsa masiku a chaka chimodzichimodzi mobwerezabwereza mpaka otsalawo asakwanenso chaka. Inalembedwa mu C, koma maganizo ake mu Python ndi awa, pamene `while` akutanthauza kuti bwerezabe malinga funsoli likuyankha `True`:

```python
while masiku > 365:
    if ndi_chaka_chachitali(chaka):
        if masiku > 366:
            masiku = masiku - 366
            chaka = chaka + 1
    else:
        masiku = masiku - 365
        chaka = chaka + 1
```

Muli `if` awiri, wina mkati mwa mnzake, koma `else` ndi mmodzi. Mmene walowera mkati mukuona kuti ndi wa `if` wakunja. Wamkatiyo alibe wake.

Tsopano litsateni tsiku lija. Zaka zonse kuyambira 1980 mpaka 2007 zachotsedwa bwinobwino, chaka chafika pa 2008, ndipo masiku otsala ndi 366, pakuti 31 Disembala ndi tsiku la 366 m'chaka chokhala ndi 29 Febuluwale. Kodi 366 yaposa 365? Inde, ndiye kompyuta ilowa. Kodi 2008 ndi chaka chachitali? Inde. Kodi 366 yaposa 366? Ayi. Ndiye ichite chiyani? Palibe chimene inauzidwa. Masiku sanachotsedwe, chaka sichinasinthe. Ibwerera pamwamba nkufunsanso ngati 366 yaposa 365, yankho ndi lomwe lija, nkuzunguliranso, osaleka. Chimene chinkasowa ndi mizere iwiri yokha pansi pa `if` wamkatiyo: `else:` ndi `break`, mawu ouza kompyuta kuti ituluke m'kubwerezako chifukwa chaka chapezeka.

Taonani kuti lamulo la kalendala lenilenilo analikhoza. Pa 29 Febuluwale 2008 kachipangizoka kanagwira ntchito popanda vuto, ndipo aliyense amene akanayesa tsiku limenelo, lomwe ndi loyamba kubwera m'maganizo, akanakhutira. Cholakwika chinabisala pa tsiku limodzi lokha m'zaka zinayi, pamene manambala awiri, 365 ndi 366, anasiya kampata pakati pawo. Ndi vuto lomwe lija la munthu wofuna K19,500, kungoti apa palibe ngakhale uthenga womukaniza.

A Microsoft analangiza makasitomala kuti asiye batire lithe, adikire kufikira pa 1 Januwale 2009, kenako atchaje nkuyatsanso. Zinathekadi, pa chifukwa chosavuta kuchiona m'mizere ija. Pa tsiku limenelo masiku otsala pofika pa 2008 anali 367. Funso lamkati linayankha `True`, masiku 366 anachotsedwa nkutsala 1, chaka chinakhala 2009, ndipo popeza 1 saposa 365, kubwereza kunatha, nyimbo nkuyambanso kumveka.